Chikumbutso cha kuwerenga Baibulo chitasiya kulira

Ndimagwiritsa ntchito Loop Habit Tracker, apu yaulere yosafuna intaneti, pondikumbutsa kuwerenga Baibulo 5 koloko m'mawa ndisanayatse mbaula. Patapita masiku, chikumbutso chija chinangoti zii. Chodabwitsa n'chakuti ndikatsegula apuyo masana, uthenga wa m'mawa uja ndiye unkatulukira. Pamenepo ndinadziwa kuti vuto si nthawi yomwe ndinatchera, koma foni yanga ya Android inkagonetsa apuyo usiku pofuna kusunga batire.

Ndinalowa mu Settings, kenako Apps, n'kusankha apuyo. Pa Battery ndinasintha kuchoka pa Optimized kupita pa Unrestricted, ndipo ndinaonetsetsa kuti Notifications ndi yoyatsa. Mayina amenewa amasiyanako malinga ndi foni, koma malo ake ndi omwewo.

Chotsala chinali Battery Saver. Magetsi akathima ndimaiyatsa madzulo, ndipo nayonso imatha kuchedwetsa zikumbutso. Kuizimitsa sindingathe, batire ndi yofunika. Choncho masiku a mdima ndimatchera alamu wamba ya wotchi ya pafoni, yomwe imalira ngakhale foni ikusunga moto, ndipo apuyo ndimangochongamo ndikamaliza chaputala.