Momwe mungawerengere galafu ya ROC ya chipimo cha matenda

Amene mukuphunzira zachipatala ku Ridgeway kuno ku Lusaka, galafu ya ROC, yoonetsa mmene chipimo chimasiyanitsira odwala ndi abwinobwino, mumaiona m'mapepala a kafukufuku, ndipo ambiri mumathamangira nambala ya AUC, yomwe ndi kukula kwa malo a pansi pa mzere wa galafuyo, osayang'ana mzere weniweniwo. Tiyeni tiujambule tokha ndi HbA1c, chipimo cha matenda a shuga.

Tiyerekeze anthu 8. Anayi atsimikizidwa ndi njira ina yodalirika kuti ali ndi shuga, ndipo HbA1c yawo ndi 6.0, 6.6, 7.2 ndi 8.1. Anayi alibe: 5.2, 5.6, 5.9 ndi 6.3.

Yambani ndi m'mbali mwa galafu. Mbali yoimirira, yolembedwa Sensitivity, ndi gawo la odwala amene chipimo chawapeza. Yam'munsi, yolembedwa 1 - Specificity, ndi gawo la anthu abwinobwino amene chipimo chawanamizira matenda. Zonse zimachokera pa 0 kufika pa 1.

Kenaka sankhani malire, oti amene wafikapo kapena kupitirira timuyesa wodwala. Tiike pa 6.5, malire amene WHO inavomereza mu 2011. Odwala atatu mwa anayi apezeka, yomwe ndi 0.75, ndipo palibe wonamiziridwa. Ikani kadontho pa 0 m'munsi, 0.75 m'mwamba. Tsitsani malire kufika pa 6.0: odwala onse apezeka, koma uja wa 6.3 wakodwa nawo. Kadontho kachiwiri kali pa 0.25 ndi 1. Kadontho kalikonse ndi malire ake, ndipo mukatilumikiza tonse mwapeza mzere wa ROC. Ukamayandikira pakona ya m'mwamba kumanzere, chipimocho chikusiyanitsa bwino.

Tsopano AUC, kukula kwa malo a pansi pa mzerewo. Tengani wodwala mmodzi ndi wabwinobwino mmodzi, muone amene ali ndi nambala yaikulu. Odwala anayi ndi abwinobwino anayi tingawayerekeze awiriawiri maulendo 16. Wodwala apambana maulendo 15, wa 6.0 yekha ndiye wagonja kwa wa 6.3. Gawani 15 ndi 16, mupeza pafupifupi 0.94. Tanthauzo lake ndi lomweli: mwayi woti wodwala wongotoledwa akhale ndi nambala yoposa ya wabwinobwino wongotoledwa. AUC ya 0.5, mzere wowongoka wodutsa pakona ndi pakona, ndi kungolota chabe. Ya 1 ndi chipimo chosiyanitsa onse.

Chimene chimandidetsa nkhawa ndi kumva munthu akuti 0.94 ndiye kuti zotsatira 94 pa 100 n'zolondola. Ayi ndithu. AUC imaphatikiza malire onse, pomwe kuchipatala mumagwiritsa ntchito amodzi, ndipo pa 6.5 paja wodwala wa 6.0 wabwerera kunyumba atauzidwa kuti ali bwino. AUC sikuuzaninso mwayi woti mayi amene wakhala patsogolo panu alidi ndi shuga, chifukwa zimenezo zimadalira kuchuluka kwa matendawo pakati pa oyezedwa.

Funsaninso kuti anayezedwa ndi ndani. Ngati anayerekeza odwala kwambiri ndi achinyamata athanzi, AUC imakwera mopitirira. Ndipo kuchepa kwa magazi kumatha kusokoneza HbA1c, choncho galafu yochokera kwa anthu opanda vutoli singafanane ndi odwala amene mudzawaone ku UTH.