Kaundula wa ziopsezo si dzala lotayamo chilichonse

Makomiti ambiri a chitukuko kuno ku Mangochi adaphunzitsidwa kusunga kaundula wa ziopsezo, amene a mabungwe amati risiki rejisita. Mukatsegula kaundulayo mumapeza mizere ngati iyi: "Ndalama nzochepa." "Kalipentala wathawa." "Tikudikira lole." Zonsezi nzoona, koma palibe chiopsezo ngakhale chimodzi pamenepa, ndipo nchifukwa chake komiti imakambirana zomwezomwezo mwezi ndi mwezi popanda wochitapo kanthu. A mlembi, nkhaniyi ndi yanu kwambiri, poti cholembera chili m'manja mwanu.

Tiyerekeze kuti komiti ya padooko lina cha ku Makanjira yalandira K12 miliyoni yomangira chitenti cha pulasitiki choumitsiramo usipa ndi dzuwa. Pangano likuti ndalama zonse zikhale zitagwira ntchito pofika pa 30 Novembala, zotsala zibwezedwe. Pulasitiki wake ndi wapadera, wosafumbutuka msanga padzuwa, ndipo ayenera kuchokera ku Blantyre.

Chiopsezo ndi chinthu chimene sichinachitike, ndipo mwina chichitika, mwina ayi. Mzere wake umanena gwero, chimene chingachitike, ndi chimene chingaonongeke. Komiti yathuyi ingalembe kuti: "Poti msewu wa ku Makanjira umavuta mitsinje ikadzaza, mvula ikayamba msanga lole ya pulasitiki ingakanike kufika, ndipo ntchito ingapyole pa 30 Novembala." Kenako mumapereka manambala awiri, kuyambira 1 mpaka 5. Mwayi woti zichitike mwina ndi 3, kukula kwa chionongeko ndi 4, ndipo mukachulukitsa mupeza 12 mwa 25. Nambalayi imakuuzani chimene muyambe nacho. Pamapeto mulembe mwini wake wa chiopsezocho ndi njira yochipewera, monga kuitanitsa pulasitiki mu Sepitembala.

Tsopano tayesani kupereka manambala omwewo pa K12 miliyoni ija. Mwayi woti ndalama zikhale K12 miliyoni ndi wotani? Funsoli lilibe mutu, poti ndalamazo ndi zomwezo basi. Amenewa ndi malire a ntchito, amene ena amati konsitirenti. Tsiku la 30 Novembala nalonso ndi malire, chimodzimodzi kukula kwa malo amene a mfumu adapereka. Malire simuwapewa, mumakonza ntchito kuti ikwanemo. M'kaundula wake mumalemba malirewo, amene adawaika, ndi amene ali ndi mphamvu yowasuntha. Gawo lomalizali makomiti amaliiwala, chonsecho malire ena amasunthika munthu akapempha nthawi idakalipo. Kalata yopempha masabata atatu oonjezera imamveka bwino mu Okotobala kusiyana ndi pa 29 Novembala.

Pamene ndikufuna tikhalitsepo ndi pa zongoganizira, zija amati asampushoni, chifukwa ndi zimene zimagwetsa ntchito mwakachetechete. Chongoganizira ndi chinthu chimene mwachitenga ngati choona pokonza dongosolo, koma palibe amene wachitsimikiza. Komiti yathu idalemba kuti pulasitiki adzafika patatha masabata awiri chiitanitsireni. Adawauza ndani? Mwina a tcheya adamva kwa anzawo a dooko lina amene adagula chaka chatha. Ndiye kuti pansi pa dongosolo lonse pagona ganizo lakuti sitolo ya ku Blantyre ili naye pulasitikiyo, ndiponso pa mtengo wakale. Amene adalemba bajeti mu Okotobala 2023 akukumbukira zimene zidachitika kwacha itatsitsidwa mphamvu ndi 44 peresenti mwezi wotsatirawo.

Kusiyana kwake ndi chiopsezo kuli pa chochita. Chiopsezo cha mvula simungachithetse poimba foni, poti palibe amene akudziwa tsiku limene mitsinje idzadzaze. Koma chongoganizira chambiri chimatheka kuchifufuza lero lomwe. Nchifukwa chake mzere wake sufuna manambala a 1 mpaka 5. Umafuna ganizolo, kumene lachokera, chimene chigwe likapezeka labodza, amene akafufuze, ndi tsiku lobweretsa yankho. "A msungichuma aimbire sitolo, atenge koteshoni yolembedwa pofika pa 5 Sepitembala." Koteshoni ikabwera, mzerewo mumautseka kuti watsimikizika. Sitolo ikayankha kuti katunduyo amabwera mwa apo ndi apo, ganizo lija lagwedezeka, ndipo apa mpamene mumatsegula mzere watsopano m'kaundula wa ziopsezo.

Njira yabwino yovumbulira zongoganizira ndi kutenga bajeti ndi kalendala ya ntchito, nkumafunsa pa mzere uliwonse kuti "tadziwa bwanji?" Pena muona anthu akuyang'anana. Malo omangapo, mwachitsanzo, aliyense amati madzi safikapo, koma mu 2024 nyanja idakwera nkulowa m'malo ambiri a m'mbali mwake kuno ku Mangochi amene anthu ankati ngouma. Kukafunsa akuluakulu a padooko kuti akuonetseni pamene madzi adalekeza nkwa tsiku limodzi lokha.

Zodalira ena, kapena kuti dipendensi, nzosavuta kuzizindikira. Ndi pamene ntchito yanu singayambe kapena kutha mpaka wina atachita mbali yake. Kalipentala sangakute chitenti pulasitiki asanafike, ndipo pulasitiki sangafike popanda lole ya kopaletivi imene idalonjeza kumunyamula pobwera ku Blantyre. Kudalirako nkotsimikizika, si kwa mwinamwina. Mumalemba chimene mukudikira, amene apereke, tsiku limene inu mukuchifuna, ndi tsiku limene iye walonjeza. Masiku awiriwa muwalembe moyandikana. Ngati kalipentala akufuna pulasitiki pa 10 Okotobala pomwe lole yalonjeza pa 24, pali kale mpata wa masabata awiri umene palibe adauona. Ndipo mwini lole adziwe kuti mwamulemba, chifukwa lonjezo la pamaliro kapena potuluka mu mzikiti mwini wake amatha kuliiwala.

Tsono tinene kuti pa 20 Okotobala sitolo yaimba kuti pulasitiki watha, wina afika pakati pa Novembala. Ili tsopano ndi vuto lomwe lagwa kale, ishu. Apa ndi pamene alembi ambiri amalakwitsa, nkukalemba m'kaundula wa ziopsezo kuti mwayi 5, chionongeko 4, kenako nkudikira msonkhano wa mwezi wamawa. Chinthu chikachitika, za mwayi zatha. Kaundula wa mavuto amafuna tsiku limene vuto ladziwika, amene walinena, kufulumira kwake, amene alithetse, tsiku lomaliza, ndi kumene lipite likamukulira. Pano a msungichuma afunse masitolo ena awiri pofika pa 23 Okotobala. Akalephera, a tcheya alembere opereka ndalama kupempha kusuntha tsiku la 30 Novembala, ndipo a VDC adziwitsidwe. Tsiku lomwelo a mlembi abwerere ku chiopsezo cha mvula chija, poti lole yoyenda pakati pa Novembala yakweza mwayi kuchoka pa 3 kufika pa 4, ndipo 12 uja wasanduka 16.

Simukusowa mabuku asanu. Hadikava imodzi yogawidwa zigawo zisanu ikwana, bola mzere uliwonse ukhale ndi nambala yake, kuti vuto la pa 20 Okotobala lilozere ku ganizo limene lidalibala. Mavuto ndi zodalira ena muziziona sabata iliyonse, ziopsezo ndi zongoganizira pa msonkhano wa pamwezi, malire pokhapokha wina akawasintha. Pamsonkhanopo a mlembi ayambe ndi kuwerenga mizere imene tsiku lake lapyola koma sinatsekedwe, ndipo atchule dzina la mwini wake aliyense akumva.