Mukauzidwa kuti maiyosinofilo achuluka m'magazi

Maiyosinofilo ndi mtundu wina wa asilikali a m'magazi, ndipo akachuluka kupitirira muyezo madokotala amati iyosinofiliya. Si matenda paokha ayi, ndi chizindikiro chakuti thupi likulimbana ndi china chake, ndiye ntchito ndi kuchipeza chinthucho.

Yambani ndi kuwerengera bwino. Papepala la zotsatira za magazi pamakhala WBC, chiwerengero cha asilikali onse, ndi EOS, chiwerengero cha maiyosinofilo, chomwe nthawi zambiri chimalembedwa m'maperesenti. Peresentiyo payokha imanamiza. Tiyerekeze mayi wodwala mphumu amene WBC yake ndi 9,000 (makina ena amalemba 9.0) ndipo EOS ndi 24 peresenti. Magawo 24 pa 100 a 9,000 ndi 2,160. Munthu wabwinobwino sapitirira maiyosinofilo 500 pa maikulolita imodzi ya magazi. Kuyambira 500 kufika 1,500 ndi kukwera pang'ono, koma kupitirira apo m'pofunika kusamala. Wina amene WBC yake ndi 3,000 ndipo EOS ndi 10 peresenti ali ndi 300 basi, palibe chodetsa nkhawa.

Mayi uja n'kosavuta kumuuza kuti, "Ndi mphumu yanu yomweyo, mayi." Zoona, mphumu, chimfine cha fumbi kapena mungu, ndi zidzolo zoyabwa za khungu zimakwezadi maiyosinofilo, koma kawirikawiri safika 1,500. Choncho 2,160 ikutiuza kuti tifufuzebe.

Funso loyamba likhale la mankhwala, chifukwa ngozi yachangu ili kumeneko. Mufunseni mayiyo chilichonse chimene wayamba kumwa m'miyezi iwiri yapitayi, ngakhale mankhwala azitsamba. Odziwika kwambiri ndi mankhwala a khunyu monga kabamazepini ndi fenitoini, alopurinolo wa matenda a gauti, kotirimokisazo, nevirapini ndi ena a chifuwa chachikulu. Vutoli limabwera mochedwa, pakatha masabata 2 mpaka 8 chiyambireni mankhwalawo, n'chifukwa chake anthu sawaganizira. Thupi likatentha, zidzolo n'kufalikira, nkhope n'kutupa, mwanabele n'kutuluka kapena maso n'kuchita chikasu, pitani kuchipatala tsiku lomwelo mutanyamula mankhwala onse, musanamwenso mankhwala amene mukuwakayikirawo. Chiwindi ndi impso zimatha kuwonongeka. Ngati zizindikirozi palibe, musasiye nokha mankhwala a khunyu kapena ma ARV. Kambiranani kaye ndi dokotala.

Kenako njoka zam'mimba. Zimene zimakweza maiyosinofilo ndi zoboola mnofu: njoka zolowera pakhungu la kuphazi, mphutsi za njoka zikuluzikulu pamene zikudutsa m'mapapo, ndi tizirombo ta likodzo. Malungo ndi amiba sizitero. Ayezedwe chimbudzi ndi mkodzo, ndipo chimbudzi chiyezedwe katatu pa masiku osiyana, chifukwa mazira satuluka tsiku lililonse. Komanso mphutsi zikakhala m'mapapo, munthu amakhosomola ndi kulira m'chifuwa ngati wa mphumu pamene mazira sanayambe kuoneka m'chimbudzi.

Pali kanjoka kamodzi kamene ndikufuna mukakumbukire, sitironjiloidisi. Kamaswana m'thupi momwemo, moti munthu amakhala nako zaka makumi angapo osadziwa, mwina n'kumangoona kamzere kofiira koyabwa kamene kamayenda pamatako kapena m'chiuno n'kuzimiririka. Mayi wathu akapatsidwa puledinisoloni chifukwa cha mphumu, mankhwala ochepetsa kutupa amene amafooketsanso chitetezo cha thupi, maiyosinofilo amatsika m'masiku ochepa ndipo aliyense amasangalala, koma chitetezo chikafooka kanjokako kamachulukana, n'kulowa m'mapapo kakunyamula mabakiteriya a m'matumbo kupita nawo m'magazi. Ambiri amamwalira nazo zimenezi. Ndiye ngati mpata ulipo, kanjokaka kafufuzidwe kapena kuphedwa kaye asanayambe mankhwala otere. Ngati akubanika, dokotala sadikira, amapereka puledinisoloni ndi mankhwala a kanjokako pamodzi. Alubendazo wa kamodzi, amene amathana ndi njoka zikuluzikulu, sakwanira pa kanjokaka; mankhwala ake ndi aivamekitini. Likodzo nalo lili ndi ake, purazikwantelo.

Akalandira mankhwala a njoka, ayezetsenso magazi pakatha mwezi umodzi mpaka miyezi itatu. Musadabwe chiwerengero chikayamba chakwera m'masabata oyambirira, kutsika kwake n'kwapang'onopang'ono.

Kufufuza kozama kumafunika ngati chiwerengero chili 1,500 kapena kuposa pa kuyeza kuwiri kotalikirana mwezi umodzi popanda chifukwa chodziwika, pakuti maiyosinofilo ochuluka chonchi amawononga okha mtima, mapapo ndi mitsempha. Musadikire mweziwo ngati apitirira 5,000, kapena ngati pali kupweteka pachifuwa, phuma, kutupa miyendo, dzanzi m'manja ndi m'mapazi, kuwonda, thukuta la usiku, kapamba wotupa kapena kuchepa magazi. Apa dokotala amaona magazi pa maikulosikopu, kuyeza chiwindi ndi impso, kujambula chifuwa ndi kuunika mtima, ndipo akakayikira khansa ya m'magazi kapena ya mwanabele, amatenga kachidutswa ka mwanabeleyo kapena mafuta a m'fupa kukayeza.