Lekani kudula chotupa cha m'bere musanadziwe kuti n'chiyani

Dzinja lino ndaona amayi angapo akubwera ndi chipsera pabere, kalata yawo itangolembedwa kuti chotupa chinachotsedwa. Chinali chotupa chanji, palibe akudziwa. Anzanga a m'zipatala, chizolowezi chothamangira mpeni chandikwana.

Chotupa chikakhala khansa, amene wachisenda ngati mbatata amasiya mizu yake m'mbali mwa bala. Mayiyo amafunika opaleshoni yachiwiri, ndipo nthawi zambiri bere lomwe likanapulumuka limachotsedwa lonse. Mwayi woti ayambe walandira mankhwala ochepetsa chotupa nawonso umakhala watayika.

Mayi wina wolima mtedza anandiuza kuti: "Adokotala, ndinawapempha ndekha kuti angochichotsa, ndikapalire." Anamuchotsadi, nyamayo n'kutayidwa osapita ku labotale. Pokolola, pachipsera panali patamera china cholimba ngati mwala, kukhwapa kuli mwanabere. Mayiyo sindimuimba mlandu, ankaganiza za munda wake. Woyenera kukana anali wogwira mpeniyo.

Ena amati, "Tinabaya kasingano, sitinapeze kanthu." Kasingano kowonda, komwe pa fomu timalemba FNA, n'ka geji 22 mpaka 25, ndipo kamangoyamwa maselo omwazika oti tipake pagalasi. Maselowo angaonetse kuti pali khansa, koma sanganene ngati yabowola kale njira ya mkaka n'kulowerera m'nyama yozungulira. Komanso m'chotupa cholimba kasinganoko kamatha kutuluka ndi magazi okha, ndiye zotsatira zoti maselo sanakwane musaziwerenge ngati zoti palibe matenda.

Pabere pamafunika singano yaikulu ya geji 14, ija yokhala ndi sipuling'i. Mukabaya mankhwala ochititsa dzanzi, imadula timizere tanyama totalika pafupifupi masentimita awiri, tooneka ngati tinyongolotsi toyera. Tengani tinayi kapena tisanu. Kolimba komira mu fomalini kamapatsa chiyembekezo, pomwe kachikasu koyandama nthawi zambiri ndi mafuta chabe, mwaphonya. M'timizere timeneti maselo amakhala m'malo mwake, choncho a labotale amadziwa mtundu wa khansa ndiponso ngati imakula ndi mahomoni, zomwe zimatiuza ngati tamokisifeni angathandize.

Kasingano kowonda kali ndi ntchito yake: chotupa cha chithokomiro, chotupa chamadzi, ndi mwanabere wa m'khosi amene mukumuganizira TB, chifukwa mafinya ake amayezedwa pa GeneXpert. Kuchotsa chonse kusungireni mwanabere amene mukumuganizira limfoma, poti pamenepo amafuna kuona kamangidwe kake konse, kapena pamene singano yaikulu yapereka yankho losagwirizana ndi zomwe manja anu akumva. Ngati singano ya geji 14 mulibe, mtumizeni mayiyo ku chipatala chachikulu asanadulidwe. Ndipo nyama iliyonse yomwe mwachotsa ilowe mu fomalini wa 10 peresenti ola lisanathe, wochuluka kakhumi kuposa nyamayo, botolo litalembedwa dzina ndi mbali ya bere.