Momwe mungamasulire mndandanda wosinthira oyilo wa ndege osasokoneza ndondomeko

Ntchitoyi anandipatsa ndi injiniya wina amene amabwera kuno ku Salima kudzasamala kandege ka Cessna. Anyamata ake awiri manja ali nawo, koma Chingerezi cha m'buku la fakitale chimawazunguza mutu. Ankafuna mndandanda wosinthira oyilo, ntchito ya pa maola 50 aliwonse, ukhale m'Chichewa kuti aziwerenga pambali pa wa Chingerezi. Wosainira ntchito ndi iye yemwe, ndipo amasainira pa Chingerezi. Chichewa chathu ndi chothandizira chabe.

Choyamba funsani nambala ndi deti la kope limene mwapatsidwa, muzilembe pamwamba pa tsamba lililonse. Mabuku amenewa amakonzedwa kawirikawiri. Mkulu wina anafuna kundigulitsa buku lonse pa fulashi, atalikopera kaya kuti, tsamba la deti mulibe. Musiyeni ndi fulashi yake.

Kenako tsegulani Excel mupange mizati itatu: nambala ya sitepe, Chingerezi, Chichewa. Sitepe imodzi, mzere umodzi, ntchito imodzi. Khutu lanu lidzakunyengererani kuti mulumikize masitepe awiri ndi "n'kuchotsanso" kuti zimveke bwino. Kanani. Mukaphatikiza 6 ndi 7, manambala onse apansi asuntha, ndipo injiniya akafuula kuti "tili pa 9", mnyamata adzakhala akugwira china.

Pamene ine ndinagwa mpapa. Fyuluta yatsopano ikalowa imalimbitsidwa ndi sipanala ya toki, yoyeza mphamvu yolimbitsira, kenako imamangidwa ndi kawaya kopota, ka mainchi 0.032, kuti isamasuke ndi kunjenjemera kwa injini. Chiganizo cha Chingerezi chinayamba ndi waya, kulimbitsako n'kubwera kumapeto, ndi kamawu kamodzi kosonyeza kuti kulimbitsa ndiye koyamba. Ine, usiku, magetsi atathima, ndinangotsata mawu momwe anandandalikira: "Mangani waya ndipo limbitsani fyuluta." Chiganizo chosalala bwino, koma chozondoka.

Injiniya ataona sanakalipe. Anangotenga fyuluta yakale, namangapo waya, n'kundiuza kuti, "Achimwene, tapotozani." Nditapotoza pang'ono, waya uja anagwa mphwayi ngati chingwe choyanikira zovala. Wayayo amamangidwa kuti azikokera kumene fyuluta imalimbira, ndiye mukaipotozanso atamangidwa kale, amakhwepa. Amaoneka kuti alipo koma sakugwira kanthu, ndipo fyuluta ikamasuka m'mwamba oyilo amataika.

Kuyambira pamenepo lamulo langa ndi ili: chochitika koyamba chilembedwe koyamba. "Limbitsani fyuluta. Mukatha, mangani waya." Ndinasiyanso kudalira "musana-" ndi "muta-" pakati pa chiganizo. "Musanalimbitse" ndi "mutalimbitsa" amasiyana pang'ono kwambiri kwa munthu wowerenga mwachangu, zala zili noninoni ndi oyilo, mwera ukukupiza pepala. "Ndipo" nayenso sanena chimene chikuyamba, choncho ndimalemba "kenako". Ngati kuwongola chiganizo kukufuna kuchidula pawiri, zidutswa zonse zikhale mu mzere womwewo, pansi pa nambala yomweyo.

Machenjezo musawasunthe. WARNING ndi za moyo wa munthu, CAUTION ndi za kuwonongeka kwa chipangizo, NOTE ndi kungodziwitsa. Sankhani mawu atatu osiyana, ine ndinaika NGOZI, SAMALANI ndi DZIWANI, osawasinthanso mpaka kumapeto. Chenjezo limakhala pamwamba pa sitepe yake. Mwachitsanzo, lakuti swichi ya magineto, chipangizo chopereka moto ku injini, ikhale pa OFF munthu asanakhudze pulopela, likatsikira pansi, adzaliwerenga dzanja lili kale pa pulopela. OFF yemweyo musiyeni choncho, chifukwa ndi zimene zalembedwa pa swichi.

Manambala ndi miyeso musatembenuze. Kwati ya ku America ndi malita 0.946, yoyandikira lita koma si lita, ndipo kamtengo koyezera oyilo kali m'makwati. Chimodzimodzi toki: lembani momwe ilili m'buku, chifukwa sipanala ikuwerenga muyeso womwewo. Samalaninso ndi "bwezerani". Gasiketi yopinira, kamkombero koletsa oyilo kudontha, ikachoka imafuna yatsopano, ndiye lembani "ikani yatsopano", apo ayi mnyamata adzabwezeradi yakale.

Zotsalazo n'zachidule. Phimbani mzati wa Chingerezi, wina awerenge Chichewa mokweza, injiniya akutsata buku ndi chala. Werengani kuchuluka kwa mizere mbali zonse, ifanane. Sindikizani, tsamba lililonse lilembedwe "1 mwa 3", "2 mwa 3", muchite lamineti. Mitengo ya lamineti funsani malo awiri. Ndipo musachoke pa kauntala musanaone masamba, chifukwa mtsikana amene anandisindikizira ine anamata tsamba 3 kuseri kwa tsamba 1.