Lipoti la pa sabata: zomwe mwawononga potsatsa ndi zomwe mwagulitsa zikhale pa tsamba limodzi

Amene mumalipira kuti malonda anu aoneke pa Facebook, Instagram kapena TikTok, langizo langa lalikulu ndi ili: polemba lipoti, manambala a ndalama zomwe mwawononga muziwatenga kwa amene akukutsatsirani, koma a zomwe mwagulitsa muziwatenga m'buku lanu. Kampani iliyonse imadziwa bwino ndalama zomwe yadya, ndipo pamenepo mutha kuikhulupirira. Ikafika pa nkhani yoti wabweretsa wogula ndani, iliyonse imadziyamikira yokha.

Chifukwa chake n'chakuti Meta, mwini wa Facebook ndi Instagram, mukapanda kusintha makonzedwe ake, imawerengera kuti yakugulitsirani ngati munthu wagula pasanathe masiku 7 atadina uthenga wanu wotsatsa, kapena pasanathe tsiku 1 atangouona osadina. TikTok nayo ili ndi mawerengedwe ake ofanana nawo. Ndiye mayi wina akadina uthenga pa Instagram Lolemba, n'kuona kavidiyo kanu pa TikTok Lachitatu, n'kugula tsiku lomwelo, makampani onse awiri alemba kuti iyeyo ndi wawo. Mukaphatikiza manambala awo mupeza ogula awiri, pomwe ndalama yalowa kamodzi.

Musanalembe nambala iliyonse, sankhani kuti sabata yanu iziyamba liti, ndipo musamasinthe. Lolemba mpaka Lamlungu ndi yosavuta. Onaninso nthawi yomwe akaunti yanu yotsatsira imatsatira, chifukwa inasankhidwa potsegula akauntiyo ndipo tsiku la mu lipoti limatha pakati pa usiku wa nthawi imeneyo. Ikasiyana kwambiri ndi yanu, ndalama za Lamlungu usiku zikhoza kuoneka ngati za Lolemba.

Potenga ndalama zowonongedwa, lowani mu Ads Manager, tsamba la Meta loyendetsera zotsatsa, sankhani masiku a sabatayo, muyang'ane pomwe palembedwa `Amount spent`. Pa TikTok pamalembedwa `Cost`. Musatenge nambalayi ku banki kapena pa khadi. Meta sidula khadi tsiku lililonse, imadikira ngongole ifike mlingo wina kapena tsiku lolipira likwane, choncho zomwe zachoka ku banki Lachiwiri zikhoza kukhala za masiku a sabata yatha. Zolipira ku banki ndi za wowerengera ndalama, pomwe lipoti ili likufuna zomwe uthenga wadya m'masiku asanu ndi awiriwo.

Ntchito yeniyeni ili kumbali ya zogulitsa, chifukwa wogula aliyense ayenera kulembedwa kuti wachokera kuti. Ngati anthu amagula pa webusaiti, ikani chizindikiro kumapeto kwa linki ya uthenga uliwonse, monga `utm_source=tiktok` ndi `utm_campaign=nsapato_juni`. Ngati amayitanitsa pa WhatsApp kapena pa foni, perekani kwa kampeni iliyonse mawu ake oyamba kapena kanambala kochotsera mtengo, apo ayi wogulitsa azifunsa kuti, "Kodi mwationa kuti, bambo?" n'kulemba yankho pomwepo. Wosadziwika mulembeni kuti wosadziwika. Musamukankhire ku kampeni yomwe mumaikonda.

Dzina la kampeni lilembedwe chimodzimodzi mbali zonse ziwiri. Makompyuta saganiza kuti `nsapato_juni` ndi `nsapato juni` n'chinthu chimodzi. Mukaona kampeni yadya ndalama koma zogulitsa zake ndi ziro, yambani mwayang'ana kalembedwe ka dzina musanaiweruze.

Mu Excel kapena Google Sheets konzani masamba atatu: `Zowononga`, `Malonda` ndi `Sabata`. M'masamba awiri oyambawo kolamu A ikhale tsiku, B Lolemba la sabata imeneyo, C dzina la kampeni, D ndalama. Lolembalo mumalipeza motere:

```
=A2-WEEKDAY(A2,2)+1
```

Pa tsamba la `Sabata`, A akhale Lolembalo, B dzina la kampeni, ndipo zogulitsa muziitanitse motere:

```
=SUMIFS(Malonda!D:D,Malonda!B:B,A2,Malonda!C:C,B2)
```

Zowononga zimabwera mofananamo, mungosintha dzina la tsamba. Kenako gawani zogulitsa ndi zowononga. Nambala yotulukayo pa sikirini imalembedwa `ROAS`, ndipo imakuuzani kuti pa ndalama imodzi yomwe mwaponya, zabwerako zingati.

Tiyeni titenge sabata imodzi yongoyerekeza, ya munthu wogulitsa nsapato, manambala ake mutha kuwawerenga mu ndalama iliyonse. Ku Meta wawononga 60,000 ndipo ku TikTok 40,000. Meta ikuti yabweretsa ogula 18, TikTok ikuti 11, onse pamodzi 29. Buku lake likusonyeza kuti olipira ndi 24 okha, aliyense 15,000. Mwa amenewa 13 ali ndi chizindikiro cha Meta, 6 cha TikTok, ndipo 5 sakudziwika. Ndiye kuti Meta yalowetsa 195,000, zomwe tikagawa ndi 60,000 tipeza 3.25. TikTok yalowetsa 90,000, kugawa ndi 40,000 tipeza 2.25.

Pofuna nambala imodzi ya sabata yonse, ambiri amaphatikiza 3.25 ndi 2.25 n'kugawa pakati, kupeza 2.75. Kumeneko n'kulakwa, popeza makampeniwa sanadye ndalama zofanana. Phatikizani kaye zogulitsa, 285,000, ndi zowononga, 100,000, kenako mugawe: 2.85. Pano kusiyana n'kochepa, koma kampeni imodzi ikakhala yaikulu kwambiri kuposa inzake kumakula.

Tsopano funso n'lakuti 2.25 ndi yabwino kapena ayi. Nambalayo payokha siyankha, mpaka mudziwe phindu la katundu wanu. Tinene kuti pa 100 iliyonse yogulitsa, 40 ndi yomwe imatsala mukachotsa mtengo wooda ndi kutumiza. Gawani 100 ndi 40, mupeza 2.5, ndipo amenewo ndiwo malire anu. Meta yasiya 78,000, kuchotsa 60,000 ya kutsatsa patsala 18,000. TikTok yasiya 36,000 pomwe yadya 40,000, kutanthauza kuti yaluza 4,000. Malirewa alembeni pamwamba pa tsamba kuti aliyense wowerenga awaone.

Komabe ine sindingathamangire kuzimitsa TikTok pa umboni umenewu. Kumbukirani ogula 5 osadziwika aja. Mmodzi yekha akakhala kuti anachokera ku TikTok, zogulitsa zake zifika 105,000, phindu 42,000, ndipo yadutsa malire. Nkhani yonse yapachikika pa munthu mmodzi amene sanafunsidwe. N'chifukwa chake mzere wa osadziwika uyenera kuonekera mu lipoti, ndipo ukamakula sabata ndi sabata, chokonza choyamba ndi kafunsidwe ka ogula osati kampeni.

Pali chinanso chosokoneza: wodina Loweruka akhoza kulipira Lachiwiri. Ndalama yomukopa inalembedwa sabata yatha, ndalama yake yalowa sabata ino. Kampeni yongoyamba imaoneka yofooka, pomwe yomwe mwaimitsa imaoneka ikugulitsabe yosadya kanthu. Lembani zogulitsa pa tsiku lomwe ndalama yalowa, koma pambali pa nambala ya sabata ino onjezani ya masabata anayi ophatikiza, ndipo zoonjezera kapena kuchepetsa ndalama muzigamula poyang'ana imeneyo. Katundu akabwezedwa, bwererani ku sabata yomwe anagulidwa mukachotse, apo ayi kampeni yokopa anthu ogula n'kubweza izioneka yabwino kuposa zonse.