Momwe mungaphikire mamerengi osatuluka manyuchi m'chinyezi cha ku Mzuzu

Mamerengi, timaswiti toyera tija topangidwa ndi choyera cha dzira ndi shuga, amayenera kuuma mpaka kumalira khirichi mukawaluma. Koma kuno ku Mzuzu ambiri ophika makeke amadandaula chimodzimodzi: atuluka mu uvuni ali bwinobwino, pofika madzulo ayamba kumata m'zala, ena atuluka timadontho ta manyuchi pamwamba kapena akha madzi pansi pake. Mlandu timaupatsa nyengo, ndipo n'zoona ili ndi gawo lake. Mvula kuno imachedwa kusiya, ndipo ngakhale mu Juni ndi Julaye timadzuka ndi chifunga ndi mvula yamawawa. Komabe nyengo simungaisinthe, pomwe shuga ali m'manja mwanu, ndipo vuto lalikulu limayambira pa iyeyo.

Shuga amakoka madzi a mumpweya. N'chifukwa chake paketi yosiyidwa yotsegula m'khitchini imachita mibulu nthawi ya dzinja. Mu merengi, shuga amene wasungunuka bwino amasakanikirana ndi dzira n'kulimbitsa mofanana thovu lonse lomwe limabwera mukamenya dziralo. Koma kambewu kalikonse kamene katsala kosasungunuka kamakokera madzi pamalo amodzi, a m'dzira ndi a mumpweya omwe, kenako n'kusanduka dontho la manyuchi lotulukira kunja.

Tsono taonani chifukwa chake shuga amavuta kusungunuka. Muyezo wabwino wa mamerengi ouma ndi shuga wolemera kawiri kuposa choyera cha dzira. Titenge mazira 4: zoyera zake zimalemera pafupifupi magalamu 120, choncho shuga akhale magalamu 240, yemwe ndi kapu imodzi yodzaza ya mamililita 250 kuonjezerapo masupuni aakulu atatu. M'zoyera zimenezo madzi alimo magalamu 105 kapena kupitirirako pang'ono. Madzi ozizira amangotha kusungunula shuga wolemera kawiri kuposa iwowo, ndiye kuti magalamu 240 awapitirira kale mphamvu. Mungamenye mpaka mkono kuwawa, wina adzatsalabe, makamaka shuga wathu wa m'magolosale yemwe ndi wa mbewu zikuluzikulu. Madzi omwewo akatentha kufika madigiri 60 amasungunula pafupifupi katatu kulemera kwawo. Ichi n'chifukwa ine ndimati kwa ife a kuno, njira yodalirika ndiyo kuyamba mwatenthetsa dzira ndi shuga musanamenye.

Yambani ndi shuga woyera. Wabulauni ali ndi manyuchi ake kale, ndipo amagwira chinyezi kuposa woyera. Mukapeza wosalala uja amati kasita, ndi wabwino koposa. Mukapanda kumupeza, gayani woyera wamba m'bulenda kwa kanthawi kochepa, kapena musinjeni mu kamtondo kouma kosanunkha adyo.

Mbale yomenyera ikhale yachitsulo kapena yagalasi, yotsukidwa bwino ndi kupukutidwa ndi kansalu konyowetsa ndi madzi a mandimu. Yapulasitiki imasunga mafuta ngakhale muitsuke bwanji, ndipo mafuta amapha thovu. Pa chifukwa chomwecho, kachikasu ka dzira kasagweremo ngakhale pang'ono. Swerani dzira lililonse m'kapu payokha musanalithire mwa anzake.

Thirani madzi pang'ono m'poto, muwaike pamoto mpaka ayambe kuwira pang'onopang'ono. Pambaula, chepetsani makala. Ikani zoyera ndi shuga yense m'mbale ija, muikhazike pakamwa pa poto moti pansi pake pasakhudze madzi. Nthunzi yokha ndiyo itenthetse. Takasani osalekeza, chifukwa mukasiya, dzira la m'mphepete limapsa n'kuchita zigamba zoyera zomwe sizibwereranso. Palani ndi shuga womatirira m'mbali mwa mbale, poti ameneyo ndiye amaiwalika n'kudzagweramo pomenya.

Pakatha mphindi zisanu kapena kupitirirapo, yambani kuyesa. Tapani pang'ono ndi supuni, mufikise pakati pa chala chachikulu ndi chamkombaphala. Mukamva kukhakhala ngati mchenga, ngakhale kambewu kamodzi, bwezerani pa nthunzi. Zikhale zoterera kotheratu, zotentha moti chala chikumva ndithu koma osapsa. Amene muli ndi choyezera kutentha, ndi pakati pa madigiri 60 ndi 70. Musathamangire pamenepa. Mphindi ziwiri zoonjezera pa nthunzi ndi zimene zimasiyanitsa mamerengi okhalitsa ndi omata.

Phulani mbale, mupukute pansi pake kuti dontho lisagweremo, muyambe kumenya nthawi yomweyo. Ndi makina zimatenga mphindi 8 mpaka 10; ndi chomenyera chamanja ndi ntchito ndithu, pezani wolandizana naye. Lekani kumenya mbale ikazizira, thovu likanyezimira, ndipo mukakweza chomenyera nsonga yake ikuima osagwa. Chakumapeto thirani theka la supuni yaing'ono ya madzi a mandimu, ndi supuni yaing'ono imodzi ya ufa wosalala wa chimanga wa m'sitolo uja amati konifulawa, wosefa. Konifulawa amamwa madzi otsalira, koma sangakonze shuga amene sanasungunuke.

Yalani pepala lophikira pa thireyi, muike mamerengi ang'onoang'ono ndi supuni. Nyengo ya chinyezi si yopangira aakulu, chifukwa mkati mwake mumachedwa kuuma. Uvuni ukhale pa madigiri 90 mpaka 100, kwa ola limodzi ndi theka kapena maola awiri. Apa mukuumitsa, simukuwotcha. Moto ukachuluka, thovu limakhwinyata n'kufinyira madzi a shuga kunja, ndipo mudzaona timadontho tofiirira ngakhale shuga munamusungunula bwino. Mudziwa kuti auma mukanyamula limodzi n'kuchoka papepala mosavuta, pansi pake pali gwa. Zimitsani uvuni muwasiye momwemo mpaka azizire, chitseko chili chotseka. Ena amalangiza kutsegula pang'ono, koma tsiku la chifunga kutero ndi kulowetsa chinyezi chomwe mwakhala mukuchotsa. Pa nthawiyi musawiritse nyemba kapena madzi osamba m'khitchini momwemo. Magetsi akazima pakati pa ntchito, musatsegule. Akabwera yatsaninso mupitirize.

Zikalakwika, mamerengiwo amaonetsa pomwe palakwika. Akakha madzi pansi ndipo mukawaluma mukumva mbewu za shuga, vuto linali posungunula. Akakhala ouma kunja koma onyowa pakati, munawatulutsa msanga. Akatuluka abwino kenako n'kumata thupi lonse, ndi mpweya wa m'nyumba. Awa achiwiri ndi achitatu amapulumuka: abwezereni mu uvuni wa madigiri 90 kwa mphindi 20 mpaka 30, aziziremonso. Oyambawo sakonzeka, aphwanyeni muwadye ndi zipatso tsiku lomwelo.

Akangozizira, alongedzeni nthawi yomweyo m'botolo lagalasi kapena m'chitini chotseka bwino, osawasiya pa tebulo kuti mudzawaone mukaweruka. Mufiriji musawaike, chifukwa mukawatulutsa amachita thukuta. Ngati mukugulitsa, mangani ochepaochepa m'timapepala tapulasitiki tomata bwino pakamwa, kuti wogula akatsegula kamodzi ena onse asapume mpweya. Ndipo ngati ndi okongoletsera keke ya ukwati kapena ya tsiku lobadwa, pitani nawo ali m'botolo, mukawaike pa keke mutafika pamalo a mwambo, chifukwa kirimu nayenso ali ndi madzi ndipo amawafewetsa m'maola ochepa.